Tisamapachike pulasitiki pamwamba pa ana ogona

Chaka chilichonse dzuwa la Okutobala likafika pachimake, mkangano umodzimodzi umabuka pakati pa eni nyumba, amisiri ndi ogulitsa zipangizo zomangira: kodi kunsi kwa malata tiikeko chiyani kuti m'nyumba muzigoneka? Kale yankho silinkavuta, chifukwa wokhala ndi ndalama ankakhoma siling'ibodi, wopanda ndalama ankangopirira thukuta. Lero m'mashopu a hadiweya mwadzaza zatsopano. Muli siling'i ya PVC yonyezimira yosafuna penti, muli mabodi a polisitirini, chisiponji choyera chija chimabwera m'makatoni a wailesi yakanema ndi firiji, komanso muli mapepala asiliva okhala ndi timatumba tampweya m'kati. Ena akuti izi ndiye chitukuko, nzotchipa, nzopepuka, ndipo chiswe sichidya. Ena akuti tikudzitchera tokha msampha. Ine ndili ndi gulu lachiwirili, ndipo ndinene mosapita m'mbali: chinthu chilichonse chimene chimasungunuka, kudontha kapena kuyaka chikakumana ndi moto chisakhale poyera pamwamba pa chipinda chogona, pa khitchini kapena pa kolido yotulukira panja. Funso loti denga ndi lamalata, lamatailosi kapena laudzu ndi lofunika ndithu, koma pa nyumba zambiri zam'tauni limabwera pachiwiri. Loyamba ndi lakuti kunsi kwa dengalo mwapachikako chiyani.

Kuti timvetsetsane, tiyambe taona mmene moto umayendera m'chipinda. Tinene kuti kandulo yagwera pa matiresi usiku magetsi atathima. Matiresi akayamba kuyaka, utsi wotentha sufalikira pansi, umakwera n'kukaunjikana kusiling'i, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Munthu amene akukwawa pansi amakhala akupumabe mpweya wabwinoko pamene kumwambako kutentha kwadutsa kale madigiri 200 kapena 300. Utsi wam'mwambawo ukafika madigiri 500 mpaka 600, kutentha kwake kumayatsa katundu yense wa m'chipindamo nthawi imodzi, makatani, zovala, mipando, ngakhale zimene lawi silinazikhudze. Pa nthawi imeneyo m'chipindamo simutulukanso wamoyo, ndipo m'chipinda cha matiresi ndi masofa asiponji zimenezi zingachitike m'mphindi zochepa chabe. Choncho siling'i ndiyo imalandira kutentha koyamba ndiponso koopsa kwambiri kuposa khoma kapena pansi. Tiyenera kuifunsa mafunso awiri. Kodi iyo yokha idzawonjezera moto ndi utsi? Nanga idzakhalabe m'malo mwake n'kutchinga moto kuti usalowe kudenga, kapena idzagwa n'kuutsegulira njira?

Tiike polisitirini pa mafunso awiriwa, ndipo tichite masamu ndi chipinda chenicheni. Chipinda chogona cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali chili ndi siling'i ya masikweyamita 12. Mwini wake wayala mabodi a polisitirini okhuthala masentimita 5, a mtundu wopepuka uja wolemera makilogalamu 15 pa kiyubikimita. Mabodi onsewo pamodzi akulemera makilogalamu 9 okha, mwana wa sitandade 5 angawanyamule pamutu, n'chifukwa chake anthu sawaopa. Komatu polisitirini amapangidwa kuchokera ku mafuta apansi panthaka, ndipo kilogalamu imodzi ikayaka imatulutsa kutentha pafupifupi kofanana ndi kwa kilogalamu ya petulo, kuwirikiza kawiri kwa kilogalamu ya nkhuni zouma. Makilogalamu 9 aja ndi ofanana ndi malita 10 kapena 11 a petulo atayalidwa pamwamba pa bedi. Nyumba yonse ya masikweyamita 80 ikayalidwa chomwecho, ndiye kuti kudenga kuli kutentha kwa malita pafupifupi 70. Ndipo polisitirini sayembekeza lawi kuti ayambe kuonongeka. Kutentha kukangoyandikira madigiri 100, pamene madzi amawira, amafewa n'kukhwinyata, kenako amasungunuka n'kumadontha. Akagwira moto madonthowo amagwa akuyaka, amakakamira pa bulangete, pa tsitsi ndi pa khungu, n'kumayambitsa timoto tina pansi pamene munthu amafuna kukwawira, uku utsi wakuda bii utatseka njira. Pa mafunso onse awiri, polisitirini wosakutidwa walephera.

Tsopano chipinda chomwecho chikhomedwe mabodi a jipisamu okhuthala mamilimita 12.5. Jipisamu ndi mwala, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake ndi madzi omangika m'kati mwa mwalawo, ngakhale bodilo ukaligwira ndi louma gwaa. Sikweyamita iliyonse ili ndi madzi oyandikira malita awiri, kutanthauza kuti siling'i ya chipinda chathu chija yasunga malita pafupifupi 20. Moto ukaiwamba, pepala lakunja limapsa, kenako madzi aja amayamba kutuluka ngati nthunzi, ndipo nthunziyo isanathe kumbuyo kwa bodilo sikutentha kupitirira kwenikweni madigiri 100. Pamapeto pake bodilo limafumbutuka n'kugwa, sindikunena kuti ndi losagonja, koma limakhala lagulira banja mphindi zingapo zodzutsana, kupeza makiyi ndi kutuluka. Ngati pamwamba pa jipisamuyo payalidwa thonje lagalasi kapena thonje lamwala, zotchingira kutentha zopangidwa ndi ulusi wa galasi kapena wa mwala, nyumba imazizira ngati mmene ikanazizirira ndi polisitirini, koma popanda chowonjezera moto. Thonje lagalasi siliyaka, limangofewa kutentha kukafika cha m'ma 600, pamene lamwala limapirira mpaka kudutsa madigiri 1,000.

Mfundo yoyamba ya amene sagwirizana nane ndi yamphamvu, ndipo ndi imene mumaimva pa kauntala. Wogulitsa amatenga kachidutswa ka siling'i ya PVC, amakayatsa ndi machesi, kachidutswako kamada n'kupindika, akachotsa lawi kamazima kokha. Akatero amakuyang'anani n'kunena kuti, “Mwaona nokha bwana, iyi siyaka.” Apa ndivomereze kuti sakunama kwenikweni. PVC yolimba ili ndi kilorini wochuluka, woposa theka la kulemera kwake, ndipo kiloriniyu amachititsa kuti ivute kuyaka. Pa funso loyamba lija imakhozako kuposa polisitirini. Koma machesi amayesa chinthu chimodzi chokha, chakuti kachidutswa kozizira kangakolere ndi kalawi kakang'ono kapena ayi. Sayesa zimene zimachitika siling'i yonse ikamawambidwa ndi utsi wa madigiri mazanamazana. PVC imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 80. Timabodi take tija timalowetsana m'mphepete timalendewera, timasololoka n'kugwa moto usanakule n'komwe, ndipo kudenga kumatseguka. Ikamapsa m'moto wa zinthu zina imatulutsa utsi wakuda wosakanikirana ndi mpweya wa asidi umene ukakumana ndi misozi ndi chinyezi cha kummero umawotcha, munthu amalephera kutsegula maso, amatsokomola n'kusokonezeka kumene kuli chitseko. Choncho mawu akuti “siyaka” ndi oona pa kauntala, koma sakutiuza kanthu za usiku wa ngozi. Chimodzimodzi polisitirini amene amati anathiramo mankhwala oletsa moto. Mankhwalawo amathandiza pa kalawi ka machesi, koma moto wa matiresi amaugonjera.

Kutsutsa galu n'kukumba, ndiye m'malo mwa machesi funsani pepala la zotsatira za mayeso. Katundu wambiri wochokera kunja amalembedwa gulu lake motsatira muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 13501-1. Gulu la A1 ndi la zinthu zosayaka konse, monga thonje lamwala, thonje lagalasi lopanda chokutira, konkire ndi chitsulo. La A2 ndi la zinthu zimene zimathandiza moto pang'ono zedi, ndipo bodi la jipisamu nthawi zambiri limalembedwa A2-s1,d0. Kuchokera pa B mpaka F zinthu zimanka ziipiraipira, ndipo polisitirini wothira mankhwala uja kawirikawiri amathera pa E. Chilembo cha s chikunena za utsi, s1 ndi wochepa pamene s3 ndi wochuluka. Chilembo cha d chikunena za madontho oyaka, d0 ndiye kuti palibe. Kwa munthu wogona pansi pa siling'i, zilembo ziwiri zazing'onozi nzofunika ngati chachikulu chija. Katundu wochokera ku South Africa mungamupeze atalembedwa SANS 428, muyezo wa kumeneko woyesera zotchingira kutentha za m'madenga. Katundu amene alibe cholembedwa chilichonse, wangoti “siyaka” pa katoni kapena pakamwa pa wogulitsa, mumutenge ngati woyaka.

Ngakhale pepala lomwelo liwerengedwe ndi maso awiri, ndipo phunziro limeneli linagulidwa ndi miyoyo. Pa 14 Juni 2017 moto unayamba pa firiji m'nyumba ina ya pansanjika yachinayi ya Grenfell Tower ku London. Nyumbayi, ya nsanjika 24, inali itangokonzedwa kumene. Kunja kwa makoma ake anamatako mabodi asiponji otchingira kuzizira, n'kukutira ndi mapanelo a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki ya polithini pakati. Moto utatulukira pawindo la khitchini unagwira mapanelowo, ndipo pasanathe theka la ola unali utafika pamwamba penipeni. Anthu 72 anamwalira, ambiri chifukwa cha utsi. Kafukufuku wa boma amene anatsogolera Sir Martin Moore-Bick, m'lipoti lake lomaliza la mu Seputembala 2024, anapeza kuti makampani opanga zipangizozo anachita chinyengo mwadala pa mayeso ndi pa malonda. Kampani ya Celotex, mwachitsanzo, inabisa kuti pa mayeso a 2014 inawonjezera mabodi ena osagwira moto kuti khoma loyeserera lipambane. Ngati zimenezi zinatheka m'dziko la malamulo a zomangamanga okhwima chonchija, wogula wa ku Mchesi kapena ku Ndirande angadalire bwanji mawu a pa katoni? Ubwino wa jipisamu, simenti, dothi lowotcha ndi thonje lamwala ndi wakuti sizidalira kukhulupirika kwa munthu, chifukwa mwala suyaka ngakhale wogulitsa atakhala wabodza.

Apa pakubwera mfundo yachiwiri ya anzathuwa. Iwo amati Grenfell inali nsanja yaitali, ndipo lamulo limene England inakhazikitsa mu 2018 loletsa zipangizo zoyaka linakhudza makoma akunja a nyumba zogonamo zotalika kuposa mamita 18. Nyumba zathu nzapansi, moto ukabuka munthu amangotsegula chitseko n'kutuluka. Zoona, mtunda wothawa ndi waufupi, ndipo sindikufuna kuopseza anthu ndi chithunzi cha nsanja. Koma ganizirani mmene timagonera m'matauni. Mawindo onse ali ndi zitsulo zowotcherera chifukwa cha akuba, kukhomo kuli chitseko chathabwa ndi china chachitsulo, maloko awiri kapena atatu, ndipo makiyi ali m'chikwama kuchipinda cha makolo. Ana agona kumapeto kwa kolido. Banja lotere silifuna masekondi khumi kuti lituluke, limafuna mphindi zingapo, mumdima, ndipo kolido yomweyo ndiyo ili ndi siling'i yapulasitiki. Komanso vuto la siponji yakudenga silifuna nsanja. Pa 11 Epulo 1996, pabwalo la ndege la Düsseldorf ku Germany, amisiri ankawotcherera zitsulo pamsewu wodutsa pamwamba pa holo ya apaulendo. Zitsulo zosungunuka zinadonthera pa polisitirini amene anali kuseri kwa siling'i, moto unayenda mobisika m'mwambamo, ndipo anthu 17 anafa, pafupifupi onse ndi utsi. Moto wa kuseri kwa siling'i ndi woipa chifukwa sumauona. Umadzazindikira utsi utadzaza kale.

Pamenepa ndiimepo pang'ono, chifukwa pali kamangidwe kathu kena kamene kamandidetsa nkhawa kuposa mtundu wa siling'i. Lowani m'nyumba za lendi zomangidwa mumdadada, zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pansi pa denga limodzi. Kwezani mutu pamene siling'i yabowoka ndipo muunike ndi tochi. Kawirikawiri mudzapeza kuti khoma lolekanitsa mabanja lathera pa siling'i pomwepo, ndipo kumwambako ndi mphanga imodzi kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Ukabowola siling'i ya nyumba yoyamba umathamanga m'mphangamo, pa mitengo ya denga youma ndi dzuwa la zaka zambiri, pa zisa za mbalame ndi makatoni amene anthu amasunga kumeneko, n'kukagwera mabanja amene sanamve n'komwe kuti kwa aneba kwabuka moto. Mankhwala ake ndi njerwa zochepa chabe: khoma lolekanitsa likwere mpaka kukagunda malata, mipata ya m'mizere ya malata itsekedwe ndi matope a simenti, ndipo mitengo yopingasa pakhomapo ikwiriridwe bwino. Landilodi amene akuti alibe ndalama ya jipisamu ayambe ndi zimenezi.

Mfundo yachitatu imati ndikulimbana ndi mdani wolakwika. Malata sayaka, matailosi sayaka, nyumba zimene zimapsa ndi zaudzu, ndiye nkhondo ikhale yochotsa udzu. Pali choonadi chachikulu apa. Pa moto wochokera kunja, mbaliwali za lupsa la osaka mbewa m'chilimwe kapena za nyumba ya mnzako ikamapsa, malata ndi matailosi amateteza pamene udzu umakolera nthawi yomweyo. Mzinda wa London unaletsa kufolera ndi udzu kale mu 1212 pa chifukwa chomwechi. Koma moto wambiri wa m'tauni umayambira m'kati, pa mbaula, pa kandulo, pa waya, ndipo pa moto wotere kusayaka kwa malata sikuthandiza amene ali pansi pake. Malata amasunga kutentha ndi utsi m'nyumba, chitsulo chimataya pafupifupi theka la mphamvu zake pa madigiri 550 mpaka 600, ndipo mitengo yonyamula denga ikapsa malata amapindika n'kugwera m'kati. Matailosi a konkire ndi olemera, ndiye akamagwa amagwa moopsa, komanso pansi pawo amisiri amakonda kuyalapo pepala lapulasitiki lotchinga fumbi ndi madzi, limene limayaka. Malata owala apulasitiki amene ena amaika pa khitchini kuti muziwala amasungunuka msanga n'kusiya bowo lokokera mpweya. Ngakhale pepala lasiliva lija musalione kunyezimira n'kuganiza kuti ndi chitsulo chokhachokha. Aluminiyamu wake ndi wopyapyala kwambiri, ndipo m'kati mwa lamatumba ampweya muli polithini. Denga losayaka limakutetezani ku moto wa aneba, koma ku moto wanu womwe imakutetezani ndi siling'i.

Nanga a kumudzi amene udzu ndiwo angathe? Kuwauza kuti agule malata si malangizo, ndi chipongwe, chifukwa akanakhala ndi ndalama akanagula kale. Komanso udzu umaziziritsa nyumba kuposa malata opanda siling'i, n'chifukwa chake malo ogona alendo a kunyanja amaufunabe. Chimene ndingatsutse ndi chizolowezi choyala pepala lapulasitiki lakuda pansi pa udzu kuti denga lisadonthe. Ndikumvetsa chifukwa chake, udzu wabwino ukusowa ndipo anthu akufolera mopyapyala. Koma pepala limenelo ndi polithini, mtundu womwewo wa pulasitiki umene unali m'mapanelo a Grenfell, ndipo udzu ukayaka limasungunuka n'kumagwera anthu likuyaka, pa nthawi imene akukoka ana ndi matumba a chimanga. Denga lotsetsereka kwambiri, la madigiri 45 kapena kuposa, lofoleredwa mokhuthala ndi mothinana, limataya madzi lokha popanda pepala, ndipo udzu wothinana umanyeka pang'onopang'ono kusiyana ndi womwazika. Makolo athu analinso ndi nzeru zina zimene sizifuna ndalama: khitchini kukhala payokha kutali ndi nyumba yogona, nkhokwe kutalikirana ndi khitchini, ndi kulambula bwalo lonse udzu usanaume. Amene angathe awonjeze kumata dothi pa nsungwi zolukidwa kunsi kwa denga, makamaka pa chipinda chogona ana, chifukwa dothi limagwira ntchito yofanana ndi ya jipisamu, ngakhale mitengo yake iyenera kukhala yolimba kuti inyamule kulemerako.

Mfundo yachinayi ndi ya mtengo ndi madzi, ndipo ndi imene imapambana mikangano yambiri. Jipisamu amafuna mitengo yambiri yokhomerapo, amafuna womata m'malumikizo ndi penti, ndipo denga likangodontha amachita mawanga n'kufumbwa. PVC umangopukuta ndi kansalu. Thonje lamwala silipezeka paliponse ndipo limadula. Zonsezi nzoona. Yankho langa ndi lakuti si nyumba yonse imene ikufuna chitetezo chofanana. M'bafa, m'chimbudzi ndi pakhonde lakunja, pamene pali chinyezi ndipo sipagona munthu, PVC ikhoza kukhala, sindilimbana nayo. Pamene pali chinyezi koma pakufunika chosayaka, monga m'khitchini, pali mabodi a simenti yosakaniza ndi ulusi, amene saopa madzi. Ndalama ya jipisamu ipite kuzipinda zogona ndi kukolido. Kunena za kudontha, denga lodontha ndi lofunika kukonza, ndipo siling'i imene imabisa kudonthako ikungolola kuti mitengo iziwola ndi mawaya azinyowa mwini nyumba osadziwa. Ndiponso kutentha kwambiri kungachepe musanagule chotchingira chilichonse. Malata opakidwa penti yoyera amabweza dzuwa lochuluka kusiyana ndi akuda kapena obiriwira modera amene ali m'fashoni masiku ano. Timabowo tampweya kumakoma a m'mbali mwa denga, totchingidwa ndi sefa yawaya kuti mbalame ndi mbaliwali zisalowe, timatulutsa mpweya wotentha wa m'mwamba. Mwini nyumba amene wasankha malata akuda chifukwa cha kukongola, kenako n'kuyala siponji kuti athane ndi kutentha kumene waitana yekha, walipira kawiri.

Ena angafunse kuti bwanji siling'ibodi yakale ndi matabwa a paini sindikuzitsutsa mofanana, popeza nazonso zimayaka. Zimayakadi, ndipo siling'ibodi yofewa ija imafalitsa moto msanga, moti sindingailimbikitse pa nyumba yatsopano. Koma thabwa lokhuthala lili ndi khalidwe lina. Likamapsa limapanga khala kunja limene limateteza zam'kati, ndipo moto umalidya pafupifupi mamilimita 0.7 pa mphindi. Silisungunuka, silidontha, ndipo munthu angayerekeze nthawi imene mtanda ungapirire. Pulasitiki ilibe chenjezo lotere.

Mfundo yomaliza imachokera kwa amisiri a magetsi, ndipo ndimailemekeza. Iwo amati siling'i siyambitsa moto, umayamba ndi mawaya otchipa, malumikizo opotokola ndi manja n'kukulunga tepi, ndi masoketi onyamula hita, ayironi ndi ketulo nthawi imodzi. Konzani mawaya, nkhani ya siling'i yatha. Ndikugwirizana nawo theka. Mawaya akonzedwe, koma palibe nyumba imene ingalonjeze kuti moto sudzabukamo, makamaka pamene magetsi akazima timayatsa makandulo ndi kulowetsa mbaula m'nyumba. Komanso mawaya ndi zotchingira kutentha zimakhala malo amodzi, ndipo zimakhudzana m'njira imene amisiri ambiri saidziwa. Waya wokutidwa ndi PVC akagona pa polisitirini kwa nthawi yaitali, mafuta amene amafewetsa chikopa cha wayayo amasamukira m'siponjimo. Siponjiyo imanyenyeka n'kumatirira pa waya, ndipo chikopacho chimauma n'kuyamba kusweka. Mukakwera kudenga n'kupeza waya atadzikumbira kanjira m'polisitirini, kapena chikopa chake chikuthetheka mukachipinda, dziwani kuti shoti ili pafupi, ndipo idzachitikira pa chinthu choyaka. Ngakhale thonje lagalasi lili ndi malire ake pano: waya wokwiriridwa m'thonje satha kutaya kutentha kwake, ndiye ayenera kudutsa pamwamba pake, m'paipi, kapena akhale wokulirapo. Mababu olowa m'siling'i nawonso asiyiridwe mpata wopumira.

Amene anakhoma kale pulasitiki asathamangire kugwetsa nyumba yonse. Ayambe ndi chipinda cha ana ndi kolido. Ngati pali polisitirini amene akuoneka ndi maso kuchokera pansi, achotsedwe, kapena kunsi kwake kukhomedwe jipisamu wa mamilimita 12.5 ndi masikuluwu olowa m'mitengo, osati guluu, malumikizo onse atamatidwa, chifukwa mpata wa chala chimodzi ndi wokwanira kulowetsa moto. Kachitseko kokwerera kudenga kakhale ka bodi lomwelo, osati kachidutswa ka pulayiwudi. M'kolido mupachikidwe kachipangizo ka batire kolira kakamva utsi, ndipo makiyi a chitseko chachitsulo azikhala pa msomali umodzi wodziwika kwa aliyense, pamene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angafikire mumdima. Kwa a Malawi Bureau of Standards ndi makhonsolo a mizinda amene amavomereza mapulani a nyumba, pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna kuletsa malonda a munthu: siling'i ndi chotchingira kutentha chilichonse chogulitsidwa m'dziko muno chizikhala ndi gulu lake la moto lolembedwa poonekera, ndipo pulani ya nyumba za lendi zamdadada isamadindidwe ngati khoma lolekanitsa mabanja silikufika kumalata.